Yeni, dola ndi phindu limene limasungunuka

Kumayambiriro kwa chaka cha 2022, munthu wofuna dola imodzi ya ku America ankapereka mayeni a ku Japan pafupifupi 115. Pofika Julayi 2024, dola yomweyo inkagulidwa ndi mayeni oposa 161, mtengo umene unali usanaonekenso chiyambire 1986. Ku Japan kunalibe nkhondo kapena chilala, ndipo mafakitale a Toyota ankatulutsabe magalimoto. Chimene chinasintha kwambiri ndi chiwongoladzanja.

Mu Malichi 2022, banki yaikulu ya ku America, Federal Reserve, inayamba kukweza chiwongoladzanja pofuna kuletsa kukwera mitengo kwa zinthu. Inachichotsa pafupi ndi ziro n'kuchifikitsa pakati pa 5.25 ndi 5.5 peresenti mu Julayi 2023. Banki yaikulu ya ku Japan inasiya chake kunsi kwa ziro mpaka Malichi 2024. Mwini ndalama aliyense anaona kuti mayeni akungogona osabala kanthu pamene madola akubereka. Anthu ndi makampani anagulitsa mayeni n'kugula madola, ndipo katundu akachuluka ogulitsa, mtengo wake umatsika. Chiwongoladzanja chikakwera m'dziko lina, ndalama zimathamangirako, ndipo ndalama ya dzikolo imalimba, makamaka poyambirira.

Apa m'pamene pamabuka funso. Ngati ku Tokyo ngongole ndi yaulere ndipo ku New York ndalama ikubala 5 peresenti, bwanji aliyense osakongola kuno, kukasungitsa uko, n'kulemera?

Tiyerekeze ndi manambala osavuta. Kampani ya ku Osaka yakongola mayeni 15,000,000 kwa chaka chimodzi popanda chiwongoladzanja. Lero dola ili pa mayeni 150, choncho yapeza madola 100,000. Yawasungitsa ku America pa 5 peresenti, ndipo chaka chikatha idzakhala ndi madola 105,000. Koma ngongole ija ndi ya mayeni, motero madolawo ayenera kusinthidwanso. Dola ikadzakhala idakali pa 150, kampaniyo idzalandira mayeni 15,750,000, phindu la 750,000. Ikadzatsika kufika pa 140, idzalandira 14,700,000 basi, ndipo idzafunika kupeza 300,000 kwina kuti ibweze ngongole.

Njira yodzitetezera ilipo. Kampaniyo ingapite ku banki lero lomwe n'kugwirizana mtengo umene idzagulitsire madola akewo chaka chamawa. Mgwirizano wotere amautcha fowadi. Palibe ndalama imene imatuluka pa tsiku losainirana. Mbali zonse ziwiri zimangomangana kuti pa tsiku lakuti zidzasinthana pa mtengo wakuti, msika uli pamwamba kaya pansi.

Nanga banki ipereka mtengo wanji? Tinene kuti yapereka 148. Madola 105,000 pa 148 ndi mayeni 15,540,000. Kubweza ngongole, kampani yatsala ndi 540,000 popanda kuikapo yeni yakeyake ngakhale imodzi, ndiponso popanda chiopsezo, chifukwa manambala onse anadziwika pa tsiku loyamba. Mwayi wotere sukhalitsa. Mabanki akuluakulu amauona pa makompyuta awo nthawi yomweyo, onse n'kuyamba kuchita zomwezo: kugula madola lero, kulonjeza kudzawagulitsa m'tsogolo. Olonjeza kugulitsa akachuluka, mtengo wa fowadi umatsika kuchoka pa 148, n'kumatsikabe mpaka phindu lija litatheratu. Malo oimawo ndi pamene madola 105,000 akubweza mayeni 15,000,000 ndendende, ndiko kuti pafupifupi 142.86.

Lamulo limeneli akatswiri a zachuma amalitcha kavadi intaresiti parite, ndipo John Maynard Keynes analifotokoza mu 1923 m'buku lake la A Tract on Monetary Reform. Amalilemba motere:

F = S × (1 + a) ÷ (1 + b)

S ndi mtengo wa dola lero, F ndi wa fowadi, a ndi chiwongoladzanja cha yeni, b ndi cha dola. M'chitsanzo chija, 150 kugawa ndi 1.05 kumapereka 142.86. Ndalama ya chiwongoladzanja chachikulu imakhala yotsika mtengo pa fowadi, ndipo imatsika molingana ndi kusiyana kwa ziwongoladzanja ziwirizo. Zimene munthu wapindula ku New York amazitaya pa mtengo wa fowadi. Makampani a inshuwalansi a ku Japan anazilawa zimenezi mu 2022 ndi 2023: mabondi a boma la America ankaoneka okoma, koma mtengo wodzitetezera unkadya phindu lonse.

Ambiri amasokonezeka pa mfundo imodzi. Banki ikanena 142.86 sikuti ikulosera kuti chaka chamawa dola idzakhala pamenepo. Nambalayo yachokera m'masamu a ziwongoladzanja za lero, osati m'maganizo a munthu za mawa. Chaka chikatha dola ingapezeke pa 160 kapena pa 130.

N'chifukwa chake ena amasankha kusadziteteza n'komwe. Amakongola mayeni, kugula madola kapena mapeso a ku Mexico, n'kudikira, pokhulupirira kuti yeni siilimba. Malonda amenewa amatchedwa kare tiredi, ndipo angapindulitse zaka zingapo zotsatizana. Tsoka lake limadza mwadzidzidzi. Pa 31 Julayi 2024 banki yaikulu ya ku Japan inakweza chiwongoladzanja kufika pa 0.25 peresenti, ndipo patangopita masiku awiri malipoti a ku America anaonetsa kuti ntchito sizikupezeka monga ankayembekezera. Zinaoneka kuti mpata wa ziwongoladzanja uyamba kuchepa. Okongola mayeni anathamangira kukawagula kuti abweze ngongole, kugulako kunalimbitsa yeni, ndipo kulimbako kunakakamiza enanso kugula. Pa 5 Ogasiti dola inatsika kufika cha m'ma 142, ndipo muyeso wa masheya a ku Tokyo wa Nikkei 225 unagwa ndi 12.4 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi fowadi sanataye kanthu pa kusinthako, koma ndi omwewonso amene sanadyeko phindu la zaka zam'mbuyozo.

Lamulo la Keynes nalo lili ndi malire. Chisanafike chaka cha 2008 linkagwira pafupifupi ndendende pa ndalama zikuluzikulu. Chichitikireni mavuto a mabanki a chaka chimenecho, patsala kampata kakang'ono kosatsekeka: kupeza madola kudzera pa fowadi kumakhala kokwera mtengo pang'ono kuposa mmene masamu akunenera. Akatswiri Wenxin Du, Alexander Tepper ndi Adrien Verdelhan anaonetsa mu kafukufuku wawo wa 2018 kuti kampataka kamakula kumapeto kwa miyezi itatu iliyonse, pamene mabanki amapereka malipoti kwa owayang'anira. Malamulo atsopano amafuna kuti banki ikhale ndi chuma chakechake chochirikiza malonda ake, choncho kutola phindu laling'ono lija sikulinso kwaulere.

Lamuloli limafunanso kuti ndalama zizilowa ndi kutuluka m'dziko momasuka. Ku Malawi, banki yaikulu inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, patangotha miyezi itatu kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mlendo amene akanasintha madola ake kukhala makwacha kwacha isanagwe akanataya zoposa chiwongoladzanja cha chaka chonse. Ndipo pamene madola akusowa m'mabanki, wosungitsa ndalama sakhala ndi chitsimikizo choti adzawapezanso pa tsiku limene akufuna kutulutsa ndalama zake, motero chiwongoladzanja chachikulucho sichikoka madola monga mmene 5 peresenti ya ku America inakokera mayeni.