Vitamini A Wochuluka ndi Mwana Ali M'mimba: Mafunso ndi Mayankho

Timamudziwa vitamini A ngati woteteza maso ndi kulimbitsa thupi ku matenda, ndipo zimenezi n'zoona. Koma pa masabata oyambirira a mimba, vitaminiyu amakhala ndi ntchito ina yosiyana kwambiri: amatenga uthenga wouza mbali iliyonse ya mwana malo ake ndi chimene ikuyenera kukhala. Uthengawo umadalira mlingo. Mlingo ukapyola, uthenga umasokonekera, ndipo mwana angabadwe ndi chilema. Nawa mafunso amene amayi ndi abambo ambiri angakhale nawo pa nkhaniyi.

Vitamini angavulaze bwanji mwana, pomwe ndi chakudya cha thupi?

Vitamini A wa m'chiwindi, mazira, mkaka ndi makapisozi amatchedwa retinolo. Thupi silitaya wotsala kudzera mumkodzo monga limachitira ndi vitamini C. Limamusunga m'chiwindi n'kumamutulutsa pang'onopang'ono m'magazi. Akafika m'maselo a mwana wosabadwa, retinolo amasinthidwa kawiri n'kukhala asidi wa retinoiki. Asidi ameneyu sagwira ntchito ngati chakudya. Amalowa pakatikati pa selo, pamene pali DNA, n'kumamatira ku mapuloteni omulandira otchedwa RAR, amene amagwira ntchito limodzi ndi anzawo otchedwa RXR. Mapuloteniwa amakhala atagwira kale DNA pafupi ndi majini ena ake. Asidi akawakhudza, majiniwo amayamba kugwira ntchito.

Mapuloteni a RAR anatulukiridwa mu 1987 ndi magulu awiri a asayansi, lina lotsogozedwa ndi Pierre Chambon ku Strasbourg, lina ndi Ronald Evans ku California. Kuyambira pamenepo zinamveka bwino chifukwa chake kanthu kochepa chonchi kamatha kusintha maonekedwe a mwana: kamalamulira majini mwachindunji.

Nanga uthengawo umauza maselo chiyani?

Pa sabata lachitatu ndi lachinayi mayi atatenga pakati, mwana amakhala wosakwana sentimita imodzi. Maselo ake amafanana kwambiri, koma ena ayenera kudzakhala ubongo, ena khosi, ena msana. Kuti adziwe malo awo, amayeza kuchuluka kwa asidi wa retinoiki amene wawazungulira. Asidiyu sapangidwa paliponse. Enzaimu yotchedwa RALDH2 imamupanga makamaka chapakati pa thupi, kumunsi kwa malo amene padzakhale mutu. Kumutu kuli ma enzaimu ena, a CYP26, amene ntchito yawo ndi kumuphwanya. Motero asidi amakhala wambiri chakumsana n'kumachepa tikamakwera chakumutu.

Zili ngati ng'oma yolira pabwalo usiku. Munthu amadziwa kuti ali pafupi kapena kutali ndi bwalo pongomva kukula kwa mawu ake. Selo limene likumva asidi wambiri limadziwa kuti lili chakumsana, ndipo limayatsa majini oyenera kumeneko. Limene likumva wochepa limadziwa kuti lili chakumutu. Majini amene amamvera uthengawu kwambiri ndi a gulu la Hox, amene amagawa thupi m'zigawo kuchokera kumbuyo kwa ubongo mpaka kumunsi kwa msana.

Mayi akamwa retinolo wochuluka, asidi amasefukira mpaka kumutu, ndipo ma enzaimu ophwanya aja amalephera kumumaliza. Maselo a kumutu amalandira uthenga wa kumsana. Amayatsa majini olakwika, ndipo zigawo za kumbuyo kwa ubongo zimagawika molakwika kapena zina zimasowa.

Ndi ziwalo ziti zimene zimavulala?

Zimene zimavulala kwambiri ndi makutu, nsagwada, mtima ndi ubongo. Munthu angadabwe kuti ziwalo zotalikirana chonchi zikukumana pati. Yankho lili pa gulu limodzi la maselo oyendayenda. Pamene chubu chimene chimadzakhala ubongo ndi mtsempha wa msana chikutsekeka, maselo ena amachoka m'mphepete mwake n'kuyamba ulendo. Ena amakamanga mafupa a nkhope ndi a khutu. Ena amatsikira kumtima kukamanga khoma logawa mitsempha iwiri ikuluikulu yotuluka mumtima. Ena amathandiza kuumba thayimasi, kachiwalo ka m'chifuwa kamene kamakhwimitsa maselo a chitetezo cha thupi.

Asidi wa retinoiki akachuluka, ambiri mwa maselowa amafa kapena safika kumene amapita. N'chifukwa chake mwana mmodzi angabadwe ndi khutu laling'ono kapena wopanda khutu, chibwano chaching'ono, mng'alu kumwamba kwa m'kamwa, mitsempha ya mtima yolumikizika molakwika, madzi ochuluka m'mutu ndi chitetezo chofooka. Ana ena amabadwa ooneka bwino, koma pambuyo pake amavutika kuphunzira. Mimba zina zimangopita padera.

Umboni wake uli kuti?

Mu 1953, Sidney Cohlan anapatsa makoswe a bere vitamini A wochuluka, ndipo ana ake anabadwa ndi zilema za mutu ndi nkhope. Kwa anthu, umboni wamphamvu unabwera ndi mankhwala a ziphuphu zikuluzikulu otchedwa isotiretinoini, amene anayamba kugulitsidwa ku America mu 1982. Mankhwalawa ndi mtundu wina wa asidi wa retinoiki weniweniyo. Mu 1985, Edward Lammer ndi anzake anafotokoza za mimba 154 za amayi amene anamwa mankhwalawa, ndipo ana 21 anabadwa ndi zilema za makutu, mtima, ubongo ndi thayimasi, ngati zimene tatchula pamwambapa.

Nanga vitamini wamba wa m'botolo? Mu 1995, Kenneth Rothman ndi anzake a ku Boston anasindikiza kafukufuku wa amayi oposa 22,000. Anapeza kuti mwa amayi amene ankamwa mayuniti oposa 10,000 a retinolo patsiku kuchokera m'mapiritsi, pafupifupi mwana mmodzi pa ana 57 aliwonse anali ndi chilema chobwera chifukwa cha mapiritsiwo. Ngozi inaonekera kwambiri kwa amene anamwa lisanafike sabata lachisanu ndi chiwiri la mimba. Akatswiri ena, pofufuza kwawo, sanapeze ngozi pa mlingo wongopitirira pang'ono 10,000, choncho malire amenewa anaikidwa mosamala kuti pakhale mpata wotetezera mwana.

Ndi nthawi iti imene ili yoopsa kwambiri?

Kuyambira sabata lachitatu mpaka lachisanu ndi chitatu mayi atatenga pakati. Mtima umayamba kugunda cha pa tsiku la 22, ndipo chubu cha ubongo chimakhala chitatsekeka pofika tsiku la 28. Apa m'pamene pagona vuto: nthawi imeneyi mayi angakhale atangodumpha mwezi umodzi, asanatsimikize n'komwe kuti ndi woyembekezera, sikelo asanayambe. Chenjezo la namwino lingamupeze ziwalo zitaumbika kale. Choncho nkhaniyi ndi ya mkazi aliyense amene angatenge pakati, osati okhawo amene mimba yaonekera.

Kodi mlingo woyenera ndi wotani, ndipo munthu angaupyole bwanji?

Mayi woyembekezera amafunika mamaikulogalamu pafupifupi 800 patsiku, omwe ndi mayuniti pafupifupi 2,600. Pabotolo mayuniti amalembedwa kuti IU. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mayi woyembekezera asapatsidwe mayuniti oposa 10,000 patsiku kapena 25,000 pasabata, ndipo limalimbikitsa kupereka vitaminiyu kwa amayi oyembekezera kumadera okhawo kumene kuperewera kwake ndi vuto lalikulu.

Tiyerekeze mayi amene wagula botolo la mavitamini osakaniza, piritsi lililonse lili ndi mayuniti 5,000 a retinolo. Pofuna kupeza mphamvu msanga, akumwa awiri patsiku. Apo wafika kale pa 10,000. Akawonjezera kasupuni kamodzi ka mafuta a chiwindi cha nsomba, kamene kangakhale ndi mayuniti pafupifupi 4,500, wafika pa 14,500. Madzulo akadya magalamu 100 a chiwindi cha ng'ombe, omwe amaposa mayuniti 15,000, tsiku limenelo wayandikira 30,000. Palibe chimene wachita mwa zitatuzi chooneka choopsa, koma zikaphatikizana wapyola malire pafupifupi katatu. Chiwindi ndicho nkhokwe ya vitaminiyu m'thupi la nyama, n'chifukwa chake ku Britain amayi oyembekezera amalangizidwa kuchipewa.

Makapisozi amene ana amalandira ku sikelo ndi amphamvu koposa apa. Kabuluu kali ndi mayuniti 100,000 ndipo ndi ka ana a miyezi 6 mpaka 11. Kofiira kali ndi mayuniti 200,000 ndipo ndi ka ana a chaka chimodzi mpaka osakwana zaka zisanu. Kapisozi kofiira kamodzi kamaposa malire a tsiku a mayi woyembekezera maulendo 20. Mayi asamwe kapisozi ka mwana.

Ndiye tisiye maungu, mango ndi mbatata yofiira m'kati?

Ayi ndithu. Zomera zilibe retinolo. Zili ndi beta-karotini, amene matumbo amamusintha kukhala vitamini A molingana ndi mmene thupi likufunira. Thupi likakhala ndi wokwanira, limachepetsa kusinthako. Ngakhale mayi atadya maungu, papaya, karoti, bonongwe ndi chisoso tsiku ndi tsiku, palibe umboni woti mwana angavulale. Vitamini A wothiridwa mu shuga ndi m'mafuta ophikira kuno ku Malawi nayenso ndi wochepa, woyezedwa molingana ndi kadyedwe ka masiku onse.

Komanso kuperewera kuli ndi ngozi yake. Asidi akachepa, uthenga uja umasokonekeranso. Mu 1933, Fred Hale wa ku Texas anafotokoza za nkhumba imene inamanidwa vitamini A n'kubereka ana opanda maso. Mayi amene akulephera kuona bwino kunja kukayamba kuda ali ndi chizindikiro cha kuperewera, ndipo akaonane ndi achipatala kuti amupatse mlingo woyenera.

Nanga amene akumwa mankhwala a khungu, kapena wamwa kale vitamini wochuluka?

Mkazi amene wapatsidwa isotiretinoini amayenera kuyezedwa mimba asanayambe, ndiponso kulera mwezi umodzi asanayambe, nthawi yonse imene akumwa, ndi mwezi umodzi atasiya. Mankhwala ena a khungu otchedwa asitiretini amakhalitsa m'thupi, moti kulera kumapitirira zaka zitatu atasiya. Mafuta odzola okhala ndi retinolo kapena tiretinoini salowa kwambiri m'magazi, komabe madokotala amalangiza kuwasiya pa nthawi ya mimba.

Mayi amene wazindikira kuti wamwa wochuluka asiye pomwepo, atenge botolo lake n'kupita nalo kuchipatala. Akanene mlingo, masiku amene wamwa, ndi tsiku limene anayamba kusamba komaliza, chifukwa zitatuzi n'zimene zimasonyeza kukula kwa ngozi. Asadikire kuti amve kupweteka. Mlingo wovulaza mwana ungakhale wosakwana kudwalitsa mayi, choncho iye angakhale akumva bwinobwino. Sikani ya pakati pa masabata 18 ndi 22 imatha kuona zilema zina za mtima, ubongo ndi nkhope, ngakhale siiona zonse. Kudya chiwindi kamodzi si chifukwa chotayira mtima.

Inu amayi amene mukuyembekezera kapena mukufuna mwana, ndi inu abambo amene mumawagulira mavitamini, werengani zolembedwa pabotolo musanalipire. Mukapeza retinolo, onetsani namwino kapena dokotala kaye. Mapiritsi owonjezera magazi ndi a foliki asidi amene mumalandira ku sikelo pitirizani kumwa, chifukwa mulibe vitamini A. Vitamini A wanu wa tsiku ndi tsiku mumupeze m'ndiwo zamasamba, zipatso ndi dzira.