Pipi imodzi yomwe imadya phindu la wamalonda othamanga

Aliyense amene analowapo pamalo osinthira ndalama zakunja anaona kuti pabolodi pamalembedwa mitengo iwiri ya dola. Wina ndi umene eni malowo amagulira dola kwa iwe, wina ndi umene amakugulitsira, ndipo wachiwiriwu umakhala wokwererapo nthawi zonse. Ukagula madola 100 n'kusintha maganizo usanatuluke pakhomo, sakubwezera ndalama zako zonse. Dola sinakwere, sinatsike, koma iwe waluza. Mpata wa pakati pa mitengo iwiriyo ndi umene eni malowo amadyerapo.

Mpata womwewo uliponso pa malonda a ndalama zakunja ochitira pafoni kapena pakompyuta, omwe achinyamata amawatcha folekisi, ndipo kumeneko umatchedwa sipuredi. Kusiyana kwake n'kwakuti pafoni umakhala waung'ono kwambiri, moti ambiri sauwerengera. Munthu amene amagula kamodzi n'kudikira masabata saumva kuwawa kwenikweni. Amene umamupweteka ndi wochita sikalupingi, malonda othamanga olowa mu msika n'kutulukamo pakangopita masekondi kapena mphindi zochepa, kutola kaphindu kakang'ono kambirimbiri pa tsiku. Maganizo ake amakhala akuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwambiwo ndi woona, koma umagwiranso ntchito kwa kampani imene iye amagulira kudzera mwa iyo, yomwe amalondawa amaitcha buloka.

Mawu awiri oyenera kuwadziwa

Titenge malonda a yuro ndi dola ya ku Amereka, omwe pafoni amalembedwa EUR/USD. Mtengo wake umaoneka chonchi: 1.0850, kutanthauza kuti yuro imodzi ikugulidwa ndi dola imodzi ndi masenti 8 ndi theka. Nambala yachinayi kuchokera pa kadontho ikasuntha ndi 1, kuchoka pa 1.0850 kufika pa 1.0851, amati mtengo wayenda pipi imodzi. Pipi ndiye muyezo wa malondawa.

Mawu ena ndi loti, omwe amanena kukula kwa katundu amene wagula. Loti yathunthu ndi mayuro 100,000, ndipo pa loti yotere pipi imodzi ndi madola 10. Ambiri a mpamba wochepa amagwiritsa ntchito loti 0.1, pomwe pipi imodzi ndi dola imodzi. Tigwiritsa ntchito imeneyi chifukwa masamu ake savuta: pipi iliyonse ndi dola.

Tsiku limodzi la malonda

Tiyerekeze mnyamata amene waika madola 500 mu akaunti yake. Watsegula MetaTrader, ndipo akuona mitengo iwiri: Bid 1.0850 ndi Ask 1.0851. Wa Ask ndi umene iye agulire, wa Bid ndi umene agulitsire. Sipuredi ndi pipi imodzi. Akuganiza kuti yuro ikwera, choncho wagula pa 1.0851. Nthawi yomweyo foni ikumuonetsa kuti ali ndi -1.00, msika usanayende n'komwe, chifukwa atati agulitse pompo angalandire 1.0850.

Dongosolo lake ndi lakuti msika ukayenda mapipi 5, kaya mokwera kaya motsika, atuluka. Ukakwera, mtengo wogulitsira ufika pa 1.0855. Iye anagula pa 1.0851, ndiye phindu lake ndi madola 4, osati 5. Ukatsika, mtengo wogulitsira ufika pa 1.0845, ndipo aluza madola 6, osati 5. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Masewero amene ankaoneka ofanana mbali zonse asanduka opendekera: ukapambana upeza 4, ukalephera utaya 6.

Tinene kuti mnyamatayu ali ndi diso labwino, ndipo pa maulendo 20 amene walowa mu msika tsiku limenelo, 11 walosera molondola, 9 waphonya. Kukanakhala kuti palibe cholipira, akanapeza madola 55 n'kuluza 45, n'kugona ndi phindu la madola 10. Koma ndi sipuredi, maulendo 11 abweretsa madola 44, pomwe maulendo 9 atenga madola 54. Waluza madola 10. Walondola kambiri kuposa mmene waphonyera, komabe thumba lapepuka. Madola 20 a kusiyanako ndi dola imodzi ya ulendo uliwonse, ndipo dola imeneyi imachoka kaya wapambana kaya waluza.

Kuti angobweza mpamba wake osapindula kanthu, afunika kulondola maulendo 12 pa 20, chifukwa 12 kuchulukitsa ndi 4 ndi 48, ndipo 8 kuchulukitsa ndi 6 ndi 48 yomweyo. Kumeneko ndi kulondola 60 pa 100 iliyonse, tsiku ndi tsiku, pa kayendedwe ka mtengo kakang'ono kwambiri komwe nthawi zambiri kamakhala kongogwedezeka popanda chifukwa chooneka.

Tsopano tichulukitse tsikuli ndi masiku 20 a malonda pamwezi. Maulendo ndi 400, ndipo sipuredi yatenga madola 400. Luso lake lolosera lamubweretsera madola 200. Mwezi ukamatha, pa madola 500 aja patsala 300. Ndalama imene walipira pongolowa ndi kutuluka ndi yofanana ndi magawo 80 pa 100 a mpamba umene anayamba nawo, ndipo palibe tsiku limene anaiona ikutuluka yonse pamodzi. Zili ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga: kunja thumba limaoneka lodzaza, ukalinyamula m'pamene umadabwa.

Njira zitatu zozembera zomwe sizithandiza

Wina anena kuti iye amaika malire ake potengera mtengo umene wagulira, kuti phindu likhale mapipi 5 enieni ndipo kuluza kukhale 5 enieni. N'zotheka. Atagula pa 1.0851, atuluka ndi phindu pa 1.0856, kapena atuluka ataluza pa 1.0846. Koma mtengo wogulitsira uli pa 1.0850. Kuti apambane, msika uyenera kukwera mapipi 6. Kuti aluze, ungofunika kutsika mapipi 4. Sipuredi sinachoke, yangobisala. Ngati msika ukungoyenda mwachisawawa, mtunda wa mapipi 4 umafikidwa poyamba maulendo 6 pa 10 alionse, ndipo wamalondayo amayamba kudandaula kuti msika umamusaka.

Wina asamukira ku akaunti imene buloka akuilengeza kuti sipuredi yake imayambira pa ziro. Pa akaunti zotere mpata umachepadi, mwina kufika pa pipi 0.2, koma pamabwera komishoni. Mtengo wofala ndi pafupifupi madola 7 pa loti yathunthu, kuphatikiza kulowa ndi kutuluka. Pa loti 0.1 ndi masenti 70. Tikawonjezera masenti 20 a sipuredi, ulendo uliwonse ndi masenti 90. Mnyamata uja wapulumutsa madola 2 pa tsiku, ndipo m'malo moluza 10 akuluza 8.

Wachitatu akulitsa loti poganiza kuti phindu likakula, cholipira chichepa mphamvu. Koma zonse zimakulira limodzi. Pa loti yathunthu apeza madola 40 akapambana, ataya 60 akalephera, ndipo pa tsiku aluza 100. Ngongole imene mabuloka amapereka kuti munthu agule katundu woposa mpamba wake siisintha masamuwa; imangofulumizitsa mapeto ake.

Zolipira zosalembedwa pabolodi

Pali chinanso chimene masamu athu sanawerenge. Msika ukamathamanga, lamulo loti malonda atsekedwe pa 1.0845 limatha kukwaniritsidwa pa mtengo woipirapo, chifukwa pomwe likufika mtengowo wadutsa kale. Kuterereka kotereku kukakhala theka la pipi pa maulendo 9 oluza aja, ndi madola ena 4.50 pa tsiku.

Komanso sipuredi siikhala malo amodzi. Pa EUR/USD imakhala yopapatiza kwambiri misika ya ku London ndi New York ikatseguka nthawi imodzi, komwe kwathu kuno ndi masana kulowera kumadzulo. Imatambasuka nthawi ya 5 koloko madzulo ku New York, pomwe tsiku la malonda limatsekedwa, komanso pakamatuluka nkhani zikuluzikulu za chuma. Chitsanzo ndi lipoti la ntchito la boma la Amereka, lomwe kawirikawiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi nthawi ya 8:30 m'mawa ku New York. Pa mphindi zimenezo mpata wa pipi imodzi ukhoza kukula kangapo, n'kumeza phindu lonse la mapipi 5 munthu asanayambe n'komwe.

Muyezo woyenera kuuyang'ana

Funso lothandiza si lakuti sipuredi ndi yaikulu bwanji, koma kuti ndi gawo lanji la phindu limene ukusaka. Pipi imodzi pa mapipi 5 ndi 20 pa 100. Pipi yomweyo pa mapipi 50 ndi 2 pa 100. Kuti udziwe kuchuluka kwa maulendo oyenera kulondola, tenga malire a kuluza, wonjezera cholipira, ugawe ndi malire a phindu ndi a kuluza ophatikiza. Pa mapipi 5 ndi 6 kugawa ndi 10, yomwe ndi 60 pa 100. Pa mapipi 50 ndi 51 kugawa ndi 100, yomwe ndi 51 pa 100.

Mnyamata yemwe uja atalowa maulendo 20 pamwezi wonse, kusaka mapipi 50, n'kulondola 11, akanapeza madola 539 n'kuluza 459, kutsala ndi 80, buloka atangotenga 20. Izi sizikutanthauza kuti njira imeneyo ndi yotetezeka. Kuluza madola 51 nthawi imodzi pa mpamba wa 500 n'koopsa, ndipo malonda ogona usiku ali ndi cholipira chawochawo. M'chaka cha 2018 bungwe loyang'anira misika ya zachuma ku Ulaya, ESMA, linanena kuti pa maakaunti 100 alionse a anthu wamba ochita malonda a mtunduwu, pakati pa 74 ndi 89 amaluza ndalama, ndipo kuyambira pamenepo mabuloka akumeneko amalamulidwa kulemba poyera chiwerengero cha makasitomala awo oluza.

Amene akuchita kale sikalupingi angathe kudziyeza yekha madzulo amodzi. Atsegule mbiri ya malonda ake a mwezi watha ndi kuwerenga maulendo onse. Komishoni aiona pansi pa mawu akuti Commission, koma sipuredi saipeza paliponse, chifukwa imalowa mumtengo umene anagulira. Ayenera kuiwerengera yekha, kuchulukitsa mapipi ake ndi mtengo wa pipi ndi chiwerengero cha maulendo. Akaphatikiza ziwirizi n'kuziwonjezera pa zotsatira za mwezi wake, aona chimene kulosera kwake kunabweretsa asanalipire kanthu. Mnyamata wathu uja akanapeza kuti kunabweretsa madola 200, ndipo kuti anawagula pa mtengo wa madola 400.