Momwe thaimasi imasankhira maselo a T kuti asaukire thupi

Thaimasi ndi kachiwalo kofewa kokhala kuseri kwa fupa la pachifuwa, pamwamba pa mtima. Imagwira ntchito kwambiri mwa ana, ndipo munthu akatha msinkhu imayamba kufota. M'kachiwalo kameneka ndimo mumakhwimira maselo a T, gulu la maselo oyera a m'magazi omwe amateteza thupi. Mu 1961 Jacques Miller anachotsa thaimasi m'mbewa zongobadwa kumene, ndipo anaona kuti chitetezo chawo chinafooka kwambiri.

Maselowa amachokera m'mafuta a m'mafupa n'kulowa m'thaimasi ali osakhwima. Mmenemo selo lililonse limapanga chozindikirira chakechake, kachipangizo ka pakhungu pake komwe limagwirira mdani. Chozindikiriracho chimapangidwa mwamwayi, posakaniza tizidutswa ta malangizo a chibadwa. Ubwino wake ndi wakuti thupi limakhala lokonzekera ngakhale kachilombo komwe silinakumanepo nako. Kuipa kwake, zozindikirira zambiri zimatuluka zopanda ntchito, ndipo zina zimalunjika pa thupi lenilenilo. Thaimasi imasefa maselowa kawiri.

Kusefa koyamba kumachitika m'chigawo chakunja cha thaimasi. Selo la T silingaone puloteni yongoyandama. Limaiona pokhapokha kachidutswa kake kataikidwa pa molekyulu yotchedwa MHC, ngati mmene ndiwo zimaperekedwera m'mbale. Maselo a m'chigawochi amaonetsa MHC yonyamula tizidutswa ta mapuloteni a thupi. Selo la T lomwe chozindikirira chake chagwira MHC pang'ono limalandira uthenga woti likhale ndi moyo. Lomwe lalephera kugwira silimva kanthu, ndipo limafa lokha pakapita masiku atatu kapena anayi. Maselo ochuluka zedi amathera pamenepa.

Pa nthawiyi selo limakhala ndi zizindikiro ziwiri, CD4 ndi CD8. Likagwira MHC ya gulu loyamba limasunga CD8, n'kudzakhala selo lopha maselo odwala. Likagwira ya gulu lachiwiri limasunga CD4, n'kudzakhala selo lothandiza anzake. Awa ndi maselo a CD4 aja omwe amawerengedwa kuchipatala mwa anthu amene ali ndi HIV.

Opulumuka amalowa m'chigawo chamkati, kumene kusefa kwachiwiri kumamalizikira. Apa selo lomwe lagwira mwamphamvu kwambiri kachidutswa ka puloteni ya thupi limalamulidwa kudzipha, chifukwa likatuluka lidzaukira mwini wake. Choncho chomwe chimapulumutsa selo ndi kugwira kwapakatikati. Pa maselo 100 aliwonse, omwe amatuluka m'thaimasi sapitirira asanu.

Pali funso lovuta pano. Insulini imapangidwa m'kapamba, kutali ndi chifuwa. Nanga selo lodana ndi insulini lingadziwike bwanji lili m'thaimasi? Yankho lili pa jini yotchedwa AIRE, yomwe inapezeka mu 1997. Jini imeneyi imachititsa maselo a m'chigawo chamkati kupanga pang'onopang'ono mapuloteni masauzande ambiri a ziwalo zina, monga a kapamba, a diso ndi a chithokomiro. Selo limodzi limapanga ochepa chabe, koma selo la T limayendayenda mmenemo kwa masiku angapo, n'kumakhudza maselo ambiri. Likakumana ndi kachidutswa ka insulini n'kukagwira mwamphamvu, limafa lisanaone n'komwe kapamba. Kuchuluka kwa insulini yopangidwa m'thaimasi kumasiyana malinga ndi chibadwa, ndipo anthu omwe thaimasi yawo imapanga yochepa amakhala pachiopsezo chokulirapo cha matenda a shuga a mtundu woyamba, omwe maselo a T amawononga maselo opanga insulini.

Si onse ogwira mwamphamvu omwe amaphedwa. Ena mwa maselo a CD4 amayatsa jini ya FOXP3, n'kusanduka maselo oletsa anzawo kuukira thupi.

Phindu la AIRE limaonekera bwino mwa ana obadwa ndi jiniyi itawonongeka kuchokera kwa makolo onse awiri. Matenda awo, osowa kwambiri, amatchedwa APS-1. Kawirikawiri amayamba ndi zilonda zoyera m'kamwa zobwerabwera, kenako kashiamu amachepa m'magazi moti minofu imakokana, ndipo pambuyo pake tiziwalo ta pamwamba pa impso timaleka kupanga mahomoni. Dokotala akaona zizindikiro ziwiri mwa zitatuzi amaganizira matendawa.

Ngakhale AIRE ili bwino, thaimasi siingaonetse puloteni iliyonse, ndipo maselo ena ogwira thupi mofooka amadutsa. Amenewa amapezeka m'magazi a anthu athanzi, ndipo amaletsedwa kunja kwa thaimasi: ena ndi maselo a FOXP3 aja, ena amangozizira akakumana ndi puloteni ya thupi popanda chizindikiro chakuti m'thupi mwalowa matenda.