Khodi Mwapereka, Tsopano Ifotokozeni Pakamwa

Pulogalamu ya kompyuta ikhoza kuyenda bwinobwino pomwe mwini wake sakudziwa chomwe chili m'kati mwake. N'chifukwa chake aphunzitsi ena m'mayunivesite, akalandira ntchito, amaitana wophunzira n'kumukhazika pamaso pa khodi yake kuti aifotokoze pakamwa.

Ambiri amagwa poyambirira pomwe. Amayamba kuwerenga mzere ndi mzere, ngati kuti mphunzitsiyo alibe maso. Iye zolembedwazo waziona kale. Chimene akufuna kumva n'chakuti mzere uliwonse uli pamalo pakepo chifukwa chiyani.

Taonani khodi iyi ya Python, yopeza avereji ya malikisi:

```python
def avereji(malikisi):
    total = 0
    for m in malikisi:
        total += m
    return total / len(malikisi)
```

Yambani ndi cholinga: khodiyi imaphatikiza malikisi onse, kenako imagawa ndi chiwerengero chawo. Mukatero tengani manambala enieni, tinene 60, 70 ndi 80, muyende nawo. `total` akuyamba ali 0, akukhala 60, kenako 130, pomaliza 210. Mukagawa ndi 3, yankho ndi `70.0`. Pakadali pano palibe chodabwitsa, woloweza pamtima naye afika apa.

Mayeso enieni amayamba mphunzitsi akagwira khodiyo. Akhoza kufunsa kuti, "Nanga `total = 0` ndikamusunthira m'kati mwa `for`, pamwamba pa `total += m`?" Kungoti "iwonongeka" si yankho. Nenani mmene iwonongekere: `total` azibwerera pa 0 ulendo uliwonse, ndiye pamapeto mutsala 80 yekha, ndipo mukagawa ndi 3 mupeza pafupifupi 26.67. Choopsa apa n'chakuti kompyuta siidandaula konse, ingokupatsani nambala yabodzayo. Wophunzira amene wanena zimenezi asanadinde batani lililonse waonetsa kuti khodi ili m'mutu mwake.

Funso lina limene silisowa n'lakuti iphwanyika pati. Mukaipatsa mndandanda wopanda kanthu, `len(malikisi)` akhala 0, ndipo Python aima ndi `ZeroDivisionError` poti nambala sigawidwa ndi ziro. Vutoli litchuleni nokha musanafunsidwe, munenenso mankhwala ake: kuona kaye ngati mndandanda uli ndi kanthu musanagawe. Kwa ine, wodziwa pofooka pa khodi yake amaposa wonena kuti yake ilibe banga.

Ngati mbali ina munaitenga m'buku kapena pa intaneti, nenani chilungamo, ndipo muifotokoze chimodzimodzi. Kubisa sikupita patali, chifukwa funso lachiwiri limaulula. Ndipo mukasokonezeka, pemphani pepala, mulembe manambala, muziganiza mokweza kuti mphunzitsi amve njira yomwe mukutsata.

Tsiku la mayeso lisanafike, tsegulani khodi yanu, musunthe kapena kufufuta mzere umodzi, mulosere chomwe chituluke, kenako muiyendetse. Pamene mwalosera molakwa, pamenepo ndi pofunika kuwerenganso.