Kodi nambala 93 ndi 95 pa pampu ya petulo zikutanthauza chiyani?

Amene munafikako ku South Africa mwina munaona kuti pamalo omwetsera mafuta pamakhala petulo wa mitundu iwiri, wina wolembedwa 93, wina 95. Wa 95 ndiye wokwererapo mtengo pang'ono. Ndikafunsa ana asukulu anga chifukwa chake, ambiri amayankha msangamsanga kuti wa 95 ndi wamphamvu kwambiri. Yankholi limamveka bwino, koma si loona. Mphamvu zomwe zili mu lita imodzi ya petulo wa 93 ndi wa 95 n'zofanana ndithu, kusiyana kwake n'kochepa zedi. Nambalayi, yomwe imatchedwa okuteni, imatiuza chinthu china: kuti petuloyo angapirire kupanikizidwa kufika pati asanayake yekha.

Kuti zimveke, tiyeni tilowe kaye mu injini. Mu silinda iliyonse muli pisitoni yomwe imakwera ndi kutsika. Ikamatsika imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo. Kenako imakwera n'kupanikiza msakanizowo m'kamalo kakang'ono kumtunda kwa silinda. Pulagi imathetheka, moto umayamba, ndipo mpweya wotenthawo umakankha pisitoni kuti itsike mwamphamvu. Mphamvu yoyendetsa galimoto imachokera pamenepa.

Chofunika kudziwa n'chakuti motowu sumayaka ponseponse nthawi imodzi. Umayambira pa pulagi n'kumafalikira mpaka m'mphepete mwa silinda, ngati mmene moto wa tchire umayendera kuchokera pomwe wayatsidwa. Zimachitika mwachangu kwambiri, komabe zimatsata dongosolo, ndipo pisitoni imakankhidwa bwinobwino.

Tsopano kumbukirani zomwe tinaphunzira zokhudza mpweya: ukaupanikiza umatentha. Gwirani pampu ya njinga mukamaliza kupopa, mumva yafunda. Mu injini kupanikizako n'kwakukulu. Tiyerekeze kuti pisitoni ili pansi, mu silinda muli malo okwana makiyubiki sentimita 500, ndipo ikafika pamwamba pamatsala 50 okha. Gawani 500 ndi 50, mupeza 10. Ndiye kuti injiniyi imapanikiza ka 10, ndipo timalemba 10:1. Kupanikiza kotereku kumatenthetsa msakanizo kufika madigiri mazana angapo pulagi isanathetheke n'komwe.

Vuto limabwera apa. Moto ukayamba pa pulagi, msakanizo womwe uli kutali, m'mphepete muja, umakhala usanayake. Mpweya woyaka kale umafutukuka n'kumaufinya kwambiri, ndipo umangotentherabe. Ngati petuloyo ndi wosapirira, gawo lotsalali silidikira kuti moto ulipeze. Limangophulika lokha, lonse nthawi imodzi. Kuphulikako kumatumiza mafunde amphamvu omwe amamenya makoma a silinda uku ndi uku, ndipo woyendetsa amamva kaphokoso ka chitsulo, kuti ke-ke-ke, ngati wina akugwedeza timiyala m'chitini. Uku ndiye kugogoda kwa injini. Kumamveka makamaka galimoto ikamakwera mtunda italemedwa, dalaivala ali pa giya yapamwamba ndipo waponda moto kwambiri, injini itatentha.

(Musasokoneze ndi zomwe amakaniko athu amanena akati injini yanoka. Nthawi zambiri iwo amatanthauza kuti zitsulo za m'munsi mwa injini zaperepeseka, mwina chifukwa chosowa oilo. Limenelo ndi vuto lina, ndipo kusintha petulo sikungalithetse.)

Kugogoda pang'ono kwa kanthawi sikuwononga kwenikweni. Koma kukapitirira, pamwamba pa pisitoni pamayamba kukumbika, maring'i amatha kuthyoka, gasiketi imapsa, ndipo nthawi zina pisitoni imabooka.

Nanga nambala ija amaipeza bwanji? Ili ndiye gawo lomwe limandisangalatsa, chifukwa sikelo yake ndi yosavuta ngati ya madigiri, pomwe tinangogwirizana kuti madzi amaundana pa 0 ndipo amawira pa 100. Cha m'ma 1926, katswiri wina wa ku America, Graham Edgar, anasankha mafuta awiri oti azikhala muyezo. Oyamba ndi heputeni, amene amagogoda msanga kwambiri, ndipo anapatsidwa 0. Achiwiri ndi aiso-okuteni, amene amapirira kwambiri, ndipo anapatsidwa 100. Onsewa ndi opangidwa ndi kaboni ndi haidirojeni basi, koma mamolekyu awo anaumbika mosiyana. Mu heputeni maatomu 7 a kaboni anandandalikana mumzere umodzi ngati tcheni, ndipo tcheni chotere chimagwirizana mosavuta ndi okosijeni kukatentha. Mu aiso-okuteni maatomu 8 a kaboni anapanga nthambi, ndipo molekyu yotere siyamba kuyaka chisawawa.

Poyeza, amathira petuloyo mu injini yapadera ya silinda imodzi, yomwe kupanikiza kwake kumatheka kusinthidwa ikulira. Amawonjezera kupanikizako pang'onopang'ono mpaka kugogoda kufike pa mlingo womwe anagwirizana. Kenako, osasintha kanthu pa injiniyo, amayesa misakanizo yosiyanasiyana ya mafuta awiri aja kufuna kupeza womwe ukugogoda chimodzimodzi. Akapeza kuti ndi msakanizo wa malita 95 a aiso-okuteni ndi malita 5 a heputeni, petuloyo amalembedwa 95. Akakhala malita 93 ndi 7, ndi wa 93. Onetsetsani apa, chifukwa ambiri amaphonya: sizikutanthauza kuti mu petulo wa 95 muli aiso-okuteni wokwana 95 peresenti. Zikungotanthauza kuti amapirira mofanana ndi msakanizo umenewo.

N'chifukwa chake mafuta ena amapitirira 100. Ethanolo, yemwe kuno ku Malawi amapangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa n'kusakanizidwa ndi petulo, nambala yake ndi pafupifupi 108. Komatu lita imodzi ya ethanolo ili ndi mphamvu zochepa, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu za lita ya petulo. Nambala yokwera, mphamvu zotsika. Uwu ndi umboni wabwino koposa woti okuteni sayeza mphamvu.

Ndiye n'chifukwa chiyani magalimoto othamanga kwambiri amafuna nambala yokwera? Injini ikamapanikiza kwambiri imatulutsa ntchito yochuluka kuchokera mu mafuta omwewo. Opanga magalimoto amafuna zimenezi, koma kugogoda ndi komwe kumawaikira malire. Petulo wopirira amawalola kupanga injini yopanikiza kwambiri, kapena yokhala ndi tebo yomwe imakankhira mpweya wambiri mu silinda. Mphamvu yowonjezerayo imachokera ku kapangidwe ka injini. Petuloyo amangoilola kugwira ntchito yake osagogoda. Izi zikufotokozanso chifukwa chake wa 93 amagulitsidwa m'madera okwera ngati Johannesburg, mzinda womwe uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere. Kumeneko mpweya ndi wopepuka, mu silinda mumalowa wochepa, ndiye kupanikizika kumachepa ndipo injini zambiri sizigogoda ndi 93.

Tsono ngati buku la galimoto likunena kuti injini imafuna 93, kuthira 95 nthawi zambiri n'kungotaya ndalama. Injiniyo sinali kugogoda, ndiye palibe chomwe mwakonza. Choopsa ndi kuchita mosemphanitsa, kuthira 93 mu injini yofuna 95. Magalimoto amakono ali ndi kachipangizo komata pa injini komwe kamamva kunjenjemera kwa kugogoda, ndipo kompyuta ya galimoto imachedwetsa pang'ono kuthetheka kwa pulagi. Injini imatetezeka, koma imafooka ndipo imamwa mafuta ambiri. Galimoto yakale yopanda kachipangizoka imangogogodabe mpaka chinachake chiwonongeke. Nambala yoyenera imalembedwa m'buku la galimoto, ndipo kawirikawiri mumaipezanso mkati mwa kachitseko ka thanki.