Mjigo uli kumpoto chakumadzulo, kakyuleta ikuloza kumwera chakum'mawa

Woyeza malo waima pa bikoni ya simenti, pepala lili m'manja. Papepalapo palembedwa kuti malo okumba mjigo ali mamita 300 kumadzulo kwa bikoniyo ndiponso mamita 400 kumpoto. Iye safuna kuyenda mozungulira, kumadzulo kaye kenako kumpoto. Akufuna kudziwa zinthu ziwiri zokha: ayang'ane kuti, ndipo ayende mtunda wotalika bwanji molunjika. Mtundawo suvuta, ndi mamita 500. Koma akafunsa kakyuleta za ngodya mosasamala, imamuyankha kuti −53.13°. Akatsatira yankho limenelo akakhoma chikhomo chake mamita 1,000 kuchokera pamalo oyenera, kilomita yathunthu.

Kakyuletayo sinawonongeke, ndipo woyezayo sanadine batani lolakwika. Vuto lagona m'masamu momwemo, ndipo limagwira ophunzira a kusekondale, a kukoleji ngakhalenso olemba mapulogalamu a kompyuta.

Pali njira ziwiri zonenera pomwe chinthu chili pamalo athyathyathya. Yoyamba ndi ya pepala lija: mtunda wopingasa, womwe pamasamu amautcha x, ndi mtunda wokwera, womwe ndi y. Kum'mawa ndi kumpoto amawerengera ngati pulasi, kumadzulo ndi kumwera ngati mayinasi. Choncho mjigo uja uli pa x = −300 ndi y = 400. Amenewa ndi makodineti a rekitangyula, omwe dzina lawo lina limachokera kwa René Descartes wa ku France, amene analemba za kulumikiza mizere ndi manambala mu 1637. Njira yachiwiri ndi ya pola: mtunda wolunjika kuchokera poyambira, r, ndi ngodya, θ. Pamasamu ngodyayi imayambira kum'mawa n'kumazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, kotero kuti kumpoto ndi 90°, kumadzulo 180°, kumwera 270°.

Njira zonsezi zimafunika chifukwa zida ndi mapu sizilankhula mofanana. Makina a oyeza malo ndi rada yoonera ndege zimayeza mtunda ndi ngodya, pomwe mapu amagawidwa ndi mizere yopingasa ndi yokwera. Tsiku lililonse wina amayenera kusintha manambala a mbali imodzi kukhala a mbali inayo.

Kuchoka ku pola kupita ku rekitangyula ndi ulendo wopanda minga. Malamulo ake ndi x = r cos θ ndi y = r sin θ. Mtengo womwe uli mamita 200 pa ngodya ya 150° uli ndi x = 200 cos 150°, yomwe ndi −173.2, ndi y = 200 sin 150°, yomwe ndi 100. Ndiye kuti mtengowo uli mamita 173.2 kumadzulo ndi mamita 100 kumpoto. Chizindikiro cha mayinasi chabwera chokha, chifukwa kosayini wa ngodya iliyonse ya pakati pa 90° ndi 270° amakhala wa mayinasi. Chimodzi chokha chofunika kuyang'anira n'choti kakyuleta ikhale pa madigiri. Ikakhala pa maradiyani, cos 150 imatuluka 0.699 ndipo mtengowo umasamukira kum'mawa. Kuidziwa n'kosavuta: sin 30 ikapanda kutuluka 0.5, kakyuletayo sili pa madigiri.

Ulendo wobwerera ndi umene uli ndi msampha. Mtunda umapezeka ndi lamulo la Pythagoras, r = √(x² + y²). Pa mjigo uja, 300 kuchulukitsa ndi 300 ndi 90,000, 400 kuchulukitsa ndi 400 ndi 160,000, pamodzi 250,000, ndipo sikweya ruti yake ndi 500. Mayinasi wa −300 wasowa pochulukitsa, koma apa palibe chotayika chifukwa mtunda sukhala wa mayinasi.

Pa ngodya, mabuku amapereka tan θ = y/x, ndipo wophunzira amathamangira batani la tan⁻¹. Amagawa 400 ndi −300, n'kupeza −1.3333. Tsopano taganizirani malo ena, omwe ali mamita 300 kum'mawa ndi mamita 400 kumwera. Pamenepo x = 300 ndi y = −400, ndipo kugawa kumaperekanso −1.3333. Malo awiri oyang'anizana, bikoni ili pakati pawo, apereka nambala imodzimodzi. Kugawako kwameza uthenga wofunika, woti mayinasiyo anali pa x kapena pa y. Kakyuleta imangolandira −1.3333, ndipo ilibe podziwira kuti mwa malo awiriwa munthu akufunsa za ati.

Popeza iyenera kuyankha ndithu, batani la tan⁻¹ linapangidwa kuti nthawi zonse lizipereka ngodya ya pakati pa −90° ndi 90°, kutanthauza mbali ya kum'mawa yokha. Malo aliwonse amene x wake ndi wa mayinasi, kakyuleta imawatembenuzira kutsidya ndi madigiri 180. Theka lonse la pepala limayankhidwa molakwika, osati mwa apo ndi apo, koma nthawi iliyonse.

Mankhwala ake ndi kuyang'ana zizindikiro za x ndi y musanagwire kakyuleta. Mizere iwiri ija imagawa pepala m'zigawo zinayi. Chigawo choyamba ndi kumpoto chakum'mawa, komwe x ndi y onse ndi a pulasi ndipo ngodya ili pakati pa 0° ndi 90°. Chachiwiri ndi kumpoto chakumadzulo, 90° mpaka 180°. Chachitatu ndi kumwera chakumadzulo, 180° mpaka 270°, ndipo chachinayi ndi kumwera chakum'mawa, 270° mpaka 360°. Mjigo uja, wokhala ndi x wa mayinasi ndi y wa pulasi, uli m'chigawo chachiwiri. Yankho lililonse losakhala pakati pa 90° ndi 180° ndi lolakwika, ngakhale litachokera m'makina okwera mtengo chotani.

Kukonza kwake n'kwachidule: x akakhala wa mayinasi, wonjezerani 180° pa yankho la kakyuleta. Choncho −53.13° kuphatikiza 180° ndi 126.87°. Ndipo munthu sayenera kungokhulupirira, angathe kutsimikiza pobwerera njira yosavuta ija. 500 cos 126.87° imapereka −300, 500 sin 126.87° imapereka 400. Manambala a papepala abwerera ndi zizindikiro zawo zomwe.

Chigawo chachitatu ndicho choopsa kwambiri, ndipo aphunzitsi angachite bwino kuchedwapo. M'chigawo chachiwiri yankho la mayinasi limadzidzimutsa wophunzira, amaima n'kuganiza. Koma malo a x = −300 ndi y = −400 amapereka mamayinasi awiri omwe amafafanizana pogawa. Kakyuleta imaonetsa 53.13°, nambala yooneka bwinobwino yopanda chokayikitsa, chikhalirecho ikuloza kumpoto chakum'mawa pomwe malowo ali kumwera chakumadzulo. Yankho loona ndi 233.13°. Wophunzira amene wajambula kaye kachithunzi, mizere iwiri yopingasana ndi kadontho, sangakodwe, chifukwa maso amaona okha kuti kadonthoko kali kumanzere ndi pansi.

M'chigawo chachinayi nkhani ndi yosiyana. Pa x = 300 ndi y = −400, yankho la −53.13° ndi lolondola kale: likutanthauza kutembenuka madigiri 53.13 kuchokera kum'mawa kulowera kumwera. Ngati funso likufuna ngodya ya pakati pa 0° ndi 360°, amawonjezera 360° n'kupeza 306.87°, komwe ndi kuloza kumodzimodzi. Kusiyana kwa makonzedwe awiriwa n'kofunika kukumvetsa. Kuwonjezera 360° kumangosintha kalembedwe, pomwe kuwonjezera 180° kumatembenuza munthu kuti ayang'ane komwe kunali nkhongo yake. Ophunzira ambiri akaona mayinasi amawonjezera 360° mwachizolowezi, ndipo pa mjigo uja amalemba 306.87°, yankho lomwe likulozabe kumwera chakum'mawa.

Palinso malo amene kugawa kumakaniratu. Chinthu chikakhala kumpoto kwenikweni kapena kumwera kwenikweni, x ndi 0, ndipo kakyuleta imalemba Math ERROR chifukwa nambala sigawidwa ndi 0. Apa sipafunika batani: y wa pulasi ndi 90°, y wa mayinasi ndi 270°. Pa bikoni penipeni, x ndi y onse ali 0, mtunda ndi 0 ndipo ngodya ilibe tanthauzo.

Opanga makina anauona msampha umenewu kalekale, ndipo anapanga lamulo lolandira x ndi y padera m'malo molandira zotsatira za kugawa. Pa makakyuleta a Casio omwe ophunzira ambiri amagwiritsa ntchito pali Pol( ndi Rec(. Kulemba Pol(−300,400) kumapereka r = 500 ndi θ = 126.87° nthawi imodzi, chigawo chitasankhidwa kale. M'mapulogalamu a kompyuta lamuloli limatchedwa atan2. Mu Python limalembedwa motere:

```
import math
math.degrees(math.atan2(400, -300))
```

Yankho ndi 126.87 tikalifupikitsa. Mayankho a zida zimenezi amakhala pakati pa −180° ndi 180°, choncho malo a m'chigawo chachitatu aja amatuluka −126.87°, komwe ndi kuloza kofanana ndi 233.13°.

Komabe kusamala sikuthera pamenepo. Python imafuna y poyamba, x pambuyo. Excel imafuna x poyamba:

```
=DEGREES(ATAN2(-300,400))
```

Wozolowera imodzi akalemba mu inayo osasintha dongosolo la manambala, amapeza −36.87° m'malo mwa 126.87°, ndipo kompyuta simuchenjeza chifukwa funso lomwe yalandira ndi lomveka.

Nambala ya −36.87° imeneyi si yachabe, ndipo imatibweretsa ku chinthu chomaliza chomwe woyeza malo ayenera kuchita asananyamuke. Kampasi yake siwerenga ngodya ngati buku la masamu. Imayambira kumpoto n'kumazungulira motsatira mivi ya wotchi, kum'mawa kukhala 90°. Ngodya yotereyi oyeza malo ndi oyendetsa sitima amaitcha beyaringi. Kuti ngodya ya masamu isanduke beyaringi, amaichotsa pa 90°, ndipo yankho likakhala la mayinasi amawonjezera 360°. Pa mjigo uja, 90° kuchotsa 126.87° ndi −36.87°, kuwonjezera 360° ndi 323.13°. Kusinthanitsa x ndi y mu atan2 kumapereka beyaringi mwachindunji, ndipo oyeza malo amachita zimenezi mwadala, mtunda wa kum'mawa ukulowa pamalo pa y, wa kumpoto pamalo pa x.

Beyaringi ya kumpoto chakumadzulo imakhala pakati pa 270° ndi 360°, ndipo 323.13° ili momwemo. Woyezayo akakonza kusiyana kwakung'ono kwa kumpoto kwa kampasi ndi kumpoto kwa mapu, amaloza 323.13° n'kuyeza mamita 500. Atalozera kampasi pa 126.87°, nambala yolondola pamasamu koma yosasinthidwa kukhala beyaringi, angapezeke mamita 400 kum'mawa ndi mamita 300 kumwera kwa bikoni, pafupifupi mamita 990 kuchokera pomwe mjigo uyenera kukumbidwa.