Kukazinga nyama ya baga m'chiwaya

Nyama ya baga ndi nyama ya ng'ombe yogayagaya imene imaumbidwa mobulungira ndi kuphwatalitsidwa, kenaka n'kuikidwa pakati pa banzi ikapsa. Kukazinga kwake kumasiyana ndi kwa nthuli ya nyama wamba chifukwa cha kugayako. Pa nthuli yosagaya, tizilombo toyambitsa matenda timakhala kunja kokha, ndipo timafa msanga nyamayo ikangokhudza chiwaya cha moto. Koma makina ogayira amasakaniza zakunja ndi zamkati, motero tizilombo timafika mpaka pakati penipeni. Choncho baga iyenera kupsa mpaka mkati, ndipo kuchindikala kwake ndi kukula kwa moto ziyenera kugwirizana kuti zimenezi zitheke kunja kusanapserere.

Nyama yabwino ndi imene ili ndi mafuta pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Yopanda mafuta imauma gwaa isanapse mkati. Pa baga imodzi pamafunika magalamu 150, oumbidwa mochindikala masentimita awiri ndi motambalala masentimita 10 kapena 11, kuposa banzi pang'ono, popeza nyama imachepa ikamapsa. Poumba safinya kwambiri: nyama yokandidwa ngati ufa wa mandasi imalimba ndipo imavuta kutafuna. Mchere amauwaza pamwamba nthawi yoika pamoto itakwana, chifukwa ukalowa mkati msanga umamatanitsa nyama. Pomaliza amadinda kadzenje kosaya pakati ndi chala chachikulu. M'mphepete ndi momwe mumayamba kupsa ndi kukokana, ndiye popanda kadzenjeko pakati pamatukumuka n'kuchedwa kupsa.

Chiwaya chachitsulo cholemera ndicho choyenera chifukwa sichizizira msanga nyama yochokera m'fuliji ikagweramo. Chitenthe kaye kwa mphindi zitatu kapena zinayi pa moto woposa wapakati, chitapakidwa mafuta ochepa. Pa mbaula, makala akhale atayaka onse ndipo malawi atatha. Nyama ikaikidwa iyenera kulira nthawi yomweyo. Ikangokhala chete n'kuyamba kutulutsa madzi otuwa, ndiye kuti moto wachepa kapena m'chiwaya mwadzaza, ndipo nyamayo ikuwira m'malo mokazingika. Utsi ukachuluka, kunja n'kuda pasanathe mphindi ziwiri, moto wakulitsa.

Baga yochindikala masentimita awiri imatenga mphindi zinayi kapena zisanu mbali iliyonse. Mbali yoyamba isiyidwe osaigwedeza mpaka itapanga khungu lofiirira. Ikafika pamenepo imamatuka yokha pachiwaya. Ikatembenuzidwa, isapanikizidwe ndi chotembenuzira, pakuti zimene zimatuluka ndi msuzi ndi mafuta zomwe zimaifewetsa. Kunja kukapsa mkati musanafike, moto uchepetsedwe ndipo chiwaya chivundikiridwe kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Baga yopyapyala, yosafika sentimita imodzi, imafuna moto waukulu ndipo imapsa m'mphindi zitatu zokha, pamene yoposa masentimita atatu imafuna moto wodekha ndi nthawi yaitali.

Mphindi zimenezi n'zongoyerekeza. Chotsimikizira ndi kutentha kwa pakati pa nyama. Unduna wa zaulimi ku United States umalangiza kuti nyama ya ng'ombe yogayagaya ifike madigiri 71 pa muyeso wa Celsius, omwe ndi 160 pa muyeso wa Fahrenheit. Ku Britain malangizo amati madigiri 70 kwa mphindi ziwiri, kapena 75 kwa masekondi 30. Ziwerengerozi sizikutsutsana, chifukwa tizilombo timafa ndi kutentha pamodzi ndi nthawi: kutentha kukatsika pang'ono, nthawi imatalika. Kachilombo koopsa kwambiri pa nyamayi ndi E. coli O157:H7, kamene kamatsegulitsa m'mimba mwa magazi ndipo nthawi zina kamawononga impso, makamaka za ana. Mu 1993, anthu oposa 700 anadwala ku United States atadya baga zosapsa bwino m'malo odyera a Jack in the Box, ndipo ana anayi anamwalira.

Poyeza amagwiritsa ntchito kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya, kokhala ndi nsonga yachitsulo. Baga inyamulidwe ndi chotembenuzira, ndipo nsongayo ilowetsedwe kuchokera m'mbali mpaka pakati. Ikalowera pamwamba imatha kupyola n'kukhudza chiwaya, n'kuonetsa kutentha kwabodza. Ikaonetsa madigiri 65, nyamayo ibwerere pamoto kwa mphindi imodzi, ndipo nsongayo itsukidwe isanayezenso.

Maonekedwe okha amanamiza. Nyama yogayagaya imatha kutuwa mkati isanafike madigiri 71, makamaka ikakhala kuti yagonera m'fuliji, ndipo ina imakhalabe yofiirira pang'ono ngakhale itapsa. Kumene kulibe choyezera, baga iumbidwe yopyapyala, idulidwe pakati ikamaphulidwa, ndipo ionetse nthunzi, msuzi woyera ndi mkati mopanda kufiira konse. Ikapsa iikidwe pa mbale yoyera, osati imene munali nyama yaiwisi, ndipo ikhale mphindi ziwiri isanalowe m'banzi kuti msuzi ukhazikike.